Tsiku lomwe maminitsi anatidyera K72,000

Bekale yathu ili ku Eriya 25, chakufupi ndi msika wa Nsungwi. Tinayamba mu 2018, ine ndi bambo a kunyumba, tili ndi uvuni umodzi wa njerwa kuseri kwa nyumba. Lero tilipo anthu 14: ophika asanu, anyamata asanu operekera katundu pa njinga, mtsikana wa pakauntala, alamu anga omwe amasunga mabuku, ndi ife awiri. Timaphika mabanzi, masikono ndi buledi pang'ono, ndipo anyamata amakasiya m'maokala a ku Mgona, Senti, Eriya 49 mpaka kwa amayi ogulitsa tiyi ku Kanengo.

Tili atatu kapena anayi sitinkadziwa za misonkhano. Nkhani inkatha tikukanda ufa. Titachuluka, zinavuta, chifukwa ophika amagwira usiku ndipo masana amakhala ali mtulo, pamene apanjinga amanyamuka 5 koloko m'mawa n'kubwerera aliyense nthawi yake. Ndiye tinakhazikitsa msonkhano wa Lolemba 2 koloko masana. Timakhalapo asanu: ine, bambo, alamu, kapitawo wa ophika ndi mmodzi woimira apanjinga. Ena asanu ndi anayiwo amayenera kumva zomwe tagwirizana kudzera m'zolemba.

Alamu anga ndi mlembi wa komiti ku tchalitchi kwawo, ndipo maminitsi amawadziwa bwino kwabasi. Amayamba ndi omwe analipo, opepesa, pemphero lotsegulira, kuwerenga maminitsi apitawo, zotsalira za msonkhano wapitawo, kenako ajenda mfundo ndi mfundo, zina ndi zina, pemphero lotsekera. Masamba awiri, nthawi zina atatu, m'Chingerezi. Akatha ankajambula masambawo ndi foni n'kuponya pa gulu lathu la WhatsApp. Ine ndinkawaona, mtima n'kukhala m'malo kuti aliyense wauzidwa.

Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ufa, mafuta ophikira ndi yisiti zinakwera motsatizana. Pa msonkhano tinagwirizana kuti banzi lomwe tinkapereka kwa a maokala pa K100 likhale K130 kuyambira Lachitatu. Alamu analemba bwinobwino. Inali mfundo 6.2, pakati pa tsamba lachiwiri, ndipo m'Chichewa ikanamveka chonchi: "Msonkhano unadziwitsidwa za kukwera kwa mitengo ya zipangizo. Zitakambidwa mozama, zinagwirizanidwa kuti mtengo wa mabanzi uunikidwenso kufika pa K130 ndipo okhudzidwa adziwitsidwe."

Woimira apanjinga anachoka msonkhano usanathe, mwana atadwala, ndipo Lachiwiri sanabwere. Lachitatu ndi Lachinayi anyamata anagulitsa pa mtengo wakale. Nthawi imeneyo tinkatulutsa mabanzi 1,200 pa tsiku, choncho K30 pa banzi kwa masiku awiri ndi K72,000. Tinazindikira Lachinayi madzulo ndalama zitakana kugwirizana ndi za m'buku. Nditamufunsa mmodzi wa anyamatawo, anayankha mopanda mantha n'komwe: "Mayi, zithunzi zija ndinaziona, koma ndinkayesa ndi za inu akuluakulu. Komanso kuti nditsegule zimadya bandulo."

Sindinamukalipire, chifukwa nditawerenganso mfundo ija ndi maso ake, ndinaona kuti ngakhale akanaitsegula sakanapindula. Tsiku loyambira linali mu mfundo ina, 6.4. Mawu oti "okhudzidwa adziwitsidwe" sanena wodziwitsa kapena wodziwitsidwa. "Uunikidwenso" ukhoza kumva ngati nkhani ikadali m'kati. Alamu sanalakwe. Maminitsi amalembedwa motsata mmene msonkhano unayendera, kuti wobwera chaka chamawa adziwe zomwe zinakambidwa. Mnyamata amene akumanga makireti pa njinga kusanache funso lake n'lina: mawa chasintha kwa ine n'chiyani?

Kuyambira pamenepo timalemba zinthu ziwiri. Maminitsi alamu amalembabe monga kale, timasaina, amalowa mufaelo. Uthenga wa pa gulu ndimalemba ine, Lolemba lomwelo isanakwane 6 koloko madzulo, ophika asanayambe ntchito. Poyamba ndinkangofupikitsa maminitsiwo, ndipo zinkatuluka zouma chimodzimodzi, kungoti zazifupi. Ndinadzaona kuti chofunika ndi kuwaphwasula n'kuwamanganso.

Ndimatenga pepala la alamu ndi cholembera chofiira. Paliponse pamene pali chinthu chosintha, kaya mtengo, nthawi kapena njira, ndimazunguliza. Pamene pali ntchito yoti wina achite, ndimadula mzere kunsi n'kulemba m'mbali dzina ndi tsiku. Ngati dzina kapena tsiku palibe, ndiye kuti msonkhanowo sunamalize nkhaniyo, ndipo ndimaimbira bambo kapena kapitawo nthawi yomweyo kuti timalize. Izi zimachitika kawirikawiri kuposa mmene ndinkaganizira. Mawu ngati "zinagwirizanidwa" amabisa bwino kuti palibe amene wasenza ntchitoyo. Zotsala zonse, omwe analipo, amene anatsutsa, amene anavomereza, sizilowa mu uthenga. Pa masamba awiri nthawi zambiri pamatuluka mfundo zitatu, zikachuluka zinayi.

Kenako ndimazisanja mosatsata ajenda. Choyamba ndi chomwe chingatiluzitse ndalama kapena kumuyendetsa munthu ulendo wachabe akapanda kuchimva. Nkhani ya mtengo ija, ikanalembedwa mmene ndimalembera lero, ikanakhala chonchi:

"Mwaswera bwanji nonse. Pali zitatu za sabata ino, yoyamba ndi ya apanjinga. Kuyambira Lachitatu m'mawa banzi tikupereka pa K130, osati K100. Ufa ndi mafuta zakwera, ndipo pa K100 tikugulitsa moluza. Mawa Lachiwiri auzirenitu a maokala anu kuti asadzadabwe. Wina akakana musakangane naye, mupatseni nambala yanga. Masikono ndi buledi sitinasinthe, tidzakambirana Lolemba likudzali."

Muli mtengo watsopano ndi wakale pamodzi, kuti munthu asakayike ngati wawerenga bwino. Muli tsiku lotchulidwa dzina, chifukwa "mawa" amasokoneza wophika amene akuwerenga pakati pa usiku. Chifukwa chake ndachipereka m'chiganizo chimodzi basi, ndipo sindinachiike pongofuna kukometsa. Mnyamatayo ndi amene akayang'anizane ndi mwini okala wokwiya ku Mgona, ndiye ayenera kukhala ndi choyankha. Chiganizo chomaliza chija, chonena zomwe sizinasinthe, ndinachiphunzira mochedwa. Ukangotchula mabanzi, wina amakweza yekha masikono poganiza kuti zonse zakwera.

Pa foni, nambala ndi tsiku ndimaziika pakati pa tinyenyezi, chonchi `*K130*`, kuti zituluke zakuda kwambiri. Ndimalemba mawu enieni, osati chithunzi, chifukwa mawu amafika ngakhale netiweki ili yofooka ndipo sadya bandulo yambiri. Uthenga ukatalika mpaka WhatsApp kuudula n'kuika `Read more`, ndimadziwa kuti ndachulutsa, ndipo ndimachotsa mfundo yomaliza kuti idzapite payokha Lachitatu. Ndikatumiza ndimaukhomera pamwamba pa gulu ndi `Pin` kwa masiku 7, apo ayi umakwiririka ndi mavesi a m'mawa ndi nkhani za mpira.

Pa nkhani ya kulemba mwaubwenzi ndinapsapo zala. Nditaona kuti anthu ayamba kuwerenga, ndinakomedwa. Tinagwirizana tsiku lina kuti makireti onse azibwerera tsiku lomwelo, chifukwa ankagonera m'maokala ndipo ophika ankasowa poika mabanzi otentha. Ine pofuna kuti zisamveke zaukali ndinalemba kuti, "Abale anga, tiyeni tiziyesetsako kubweza makireti mwachangu ngati n'kotheka." Sabata yonse makireti anabwera theka. Sindingawanene anyamatawo, poti m'Chichewa chathu "tiziyesetsako" ndi pempho, ndipo pempho munthu amalichita akapeza mpata. Sabata yotsatira ndinalemba kuti, "Makireti onse abwere tsiku lomwelo isanakwane 4 koloko. A kauntala aziwerenga pobwera. Zikomo a Phiri, anu sanagonepo kunja chiyambire." Ulemu ndimauika m'moni, m'kutchula anthu ndi "a", m'kuthokoza amene wachita bwino pa chinthu chenicheni. Lamulo lenilenilo ndimalisiya lili chilili, ndi nambala yake ndi nthawi yake.

Ndipo kuthokozako kukhale koona. Mlungu umene palibe choyamikira sindipeka. Anthu akuluakulu amazindikira msanga akamanyengereredwa ngati ana.

Pali zinthu zomwe zili m'maminitsi koma pa gulu sizifika. Za malipiro a munthu, ngongole yomwe wapempha, chenjezo lomwe wapatsidwa, zonsezi timakambirana naye pambali. Ndinalakwitsapo kamodzi, kulemba dzina la wophika wina pa nkhani yochedwa, ndikuyesa ndikuseka naye. Anakhala mwezi osandiyang'ana kumaso, ndipo anali ndi chifukwa: uthenga wa pa foni umatumizidwa kwina, mkazi wake anauona. Pano ndikatchula dzina pa gulu ndiye kuti ndikupereka ntchito kapena ndikuthokoza. Za ndalama zomwe bizinesi yapeza kapena mavuto athu ndi otigulitsa ufa sindilembanso, pa chifukwa chomwecho.

Awiri mwa anzathu kuwerenga kumawavuta, ndipo sangakuuzeni. Choncho ndikatumiza uthenga ndimauwerenganso mokweza n'kutumiza ngati mawu ojambula, osapitirira mphindi imodzi, kwa gulu lonse kuti pasaoneke kuti ndikulozera wina. Ndimawerenga zomwe ndalemba ndendende. Ndikayamba kuwonjezera za m'mutu, mawu ndi zolemba zimasiyana, ndiye pamabuka mkangano woti "koma mayi ananena kuti". Kuwerenga mokwezaku kumandithandizanso ine: chiganizo chimene lilime lapunthwa nacho ndimachilembanso.

Kudziwa ngati uthenga wafika ndi nkhani ina. Pa `Info` umaona omwe atsegula, koma kutsegula si kumva, ndipo tizala tokweza m'mwamba tomwe amayankhira sindimatikhulupirira. Nkhani ikakhala ya ndalama ndimapempha kuti aliyense wa panjinga ayankhe ndi mtengo watsopanowo, alembe yekha nambalayo. Amene sanayankhe pofika 8 koloko usiku ndimamuimbira. M'mawa mwake bambo akamawerengera mabanzi m'makireti amafunsa mmodzi, aliyense amene ali pafupi, kuti lero tikupereka pa zingati. Mitengo tasinthanso kangapo chichokereni 2023, ndipo sizinachitikenso kuti wina agulitse pa wakale.

Alamu poyamba zinawakhudza. Anandifunsa kuti, "Alamu, ndiye kuti zanga zija n'zopanda ntchito?" Ndinawauza kuti ayi, ndipo sindinkangowasangalatsa. Pamene tinasemphana ndi kapitawo pa za tsiku lomwe tinagwirizana kuwonjezera ndalama ya usiku, uthenga wanga wa pa foni unali utapita kale ndi foni yomwe inabedwa mu minibasi. Chomwe chinatiweruza ndi faelo ya alamu, tsamba losainidwa, mfundo 4.1. Masiku ano iwo amandithandiza pomwe: akamaliza kulemba amaika kanyenyezi pa mfundo zomwe akuona kuti ndi za pa gulu, ndipo m'msonkhano momwemo amatiimitsa n'kufunsa kuti, "Achita ndani, pofika liti?" Lolemba lapitali anatiimitsa katatu pa nkhani imodzi yokha, yogula matayala a njinga ziwiri, mpaka bambo anavomera kuti apita okha ku tauni Lachinayi.