Mgaiwa wa mafuno abwino

Popeza ambiri mwa inu mwaona kale chithunzi chija chondionetsa nditayera mbuu ndi ufa, ndipo ena mwayamba kundiitana kuti "aMgaiwa" ngakhale pamaso pa ana anga, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha zimene zinachitika ku Mitundu pa tsiku lotsegulira chigayo cha mnzathu uja, nkhaniyi isanapitirire kuthiridwa mchere. Si zoona kuti ndinagwera m'chigayo, ndiponso si zoona kuti amfumu anathawa n'kusiya ndodo yawo. Ndodoyo anathawa nayo.

Munthu akatsegula chigayo, mphatso yoyenera ndi chimanga, chifukwa wogayitsa woyamba ndiye amatsegula njira ya makasitomala onse. Choncho ndinanyamula ndowa yodzaza ndi chimanga chouma bwino, ndipo pakati pake ndinakwirira envelopu ya ndalama zapepala zinayi za K5,000, pamodzi ndi kaloko kakang'ono ndi makiyi ake, koti azikhomera bokosi la ndalama. Nzeru imeneyi ndimaiteteza mpaka lero. Choyamba, palibe wopisa m'matumba mu minibasi amene anapisapo dzanja m'ndowa ya chimanga. Chachiwiri, mwini chigayo aliyense wodziwa ntchito amalowetsa dzanja m'chimanga asanagaye, n'kuluma njere imodzi kuti amve ngati chauma, popeza chimanga chachinyezi chimaphatika pa sefa n'kutseka timabowo take. Ndinawerengera kuti mnzangayo akapisa dzanja adzakumana ndi mphatso, azimayi adzaimba nthungululu, ndipo dzina langa lidzatchulidwa mwaulemu.

Chimene sindinawerengere n'chakuti pa tsikulo mnzangayo anali atavala jekete yatsopano, ndipo sankafuna kukhudza chilichonse chafumbi.

Abusa atapemphera, anandipempha kuti ndiyankhule m'malo mwa anzake a kusukulu. Ndinaima mu suti yanga yakuda, nditafulatira makina kuti ndiyang'anane ndi anthu, n'kuyamba kuti: "Achimwene, takunyadirani. Alamu, zikomo chifukwa chowagwira dzanja bambowa." Ndinafotokoza mmene anavutikira kudikira magetsi amphamvu oyendetsera mota, ndi mmene amayi a m'derali apumulire ku mtondo tsopano, popeza pali makina okonola otulutsa mphale ndi madeya, komanso makina ogaya ufa. Ndili pakati pa mawu amenewa, amfumu ananong'oneza mnyamata woyendetsa chigayo kuti alize makina, anthu aone ufa woyamba ukutuluka pamene mlendo akumaliza. Mnyamatayo anayang'ana uku ndi uku, ndipo ndowa imene inali pafupi inali yanga.

Amene simunaonepo m'mimba mwa chigayo mudziwe kuti mulibe mphero kapena miyala. Muli zitsulo zolendewera zimene zimazungulira maulendo pafupifupi 3,000 pa mphindi imodzi, zikumenya njere mpaka zitasanduka fumbi loti n'kudutsa pa sefa, yomwe ndi lata lopindika lokhala ndi timabowo ta milimita imodzi kapena kuchepera. Ufa ukadutsa pamenepo, mphepo ya fani imaukankhira m'chipaipi kupita ku chifanelo chachikulu, n'kutsikira m'nsalu imene amamangirira kunsi kwake. Zonsezi anazipangira chimanga. Amene anazikonza sanaganizirepo za loko.

Poyamba makinawo analira mokoma, ndipo ine ndinakweza mawu kuti ndiwapose. Ndinali nditangonena kuti "Chigayo chimenechi chisadzaime ngakhale tsiku limodzi" pamene chinayankha chokha. Kunamveka kuti khwaa, kenako phokoso longa la munthu amene akugubuduza mgolo wodzaza makasu kuchokera pamwamba pa phiri la Bunda. Malata a denga ananjenjemera, nkhuku za mudzi wonse zinasiya kuikira, ndipo abusa anayambanso pemphero lomwe anali atamaliza kale, ulendo uno akuthamanga. Ine ndinamva kulira kumeneko ndipo ndinakuzindikira. Ndinamva makiyi akulowa, woyamba, wachiwiri, wachitatu, aliyense ndi mawu ake, kenako mwini wake loko akubwera pambuyo ndi mawu a besi. Chomvetsa chisoni n'chakuti pakamwa panga panapitirizabe kuyankhula, chifukwa ndime yomaliza ndinali nditailoweza bwino, moti pamene anthu ankapanikizana pakhomo ine ndinali ndikuwafunira mwini chigayo mtendere ndi bata pa bizinesi yawo.

Ndipamene ndinakumbukira envelopu. Ndinathamangira ku chifanelo, ndipo poganiza kuti mwina ndalama imodzi yapulumuka, ndinasolola nsalu ija n'kusuzumira m'mwamba. Mnyamata uja anali atathimitsa kale mota, koma chigayo sichiima nthawi yomweyo. Zitsulo ndi fani zimapitiriza kuzungulira kwa kanthawi ndithu, ndipo ufa wonse umene unali m'chipaipi unafunika kotsikira. Unatsikira pa ine. Unalowa m'maso, m'makutu, m'kolala, m'matumba onse a suti, mpaka m'sokosi. Nditatembenuka, mwana wina analira n'kubisala kumbuyo kwa amayi ake, ndipo agogo ena anandifunsa mwaulemu kuti ndine wa dambwe liti. Chithunzi chimene mukutumizirana chinajambulidwa pa mphindi imeneyo, ndipo wojambulayo ndikumudziwa.

Ufa umene unali pa ine ndiwo unaulula matenda a makinawo. Unali ndi misere, ndipo pena njere zathunthu, chomwe ndi chizindikiro chakuti sefa yabooka ndipo chimanga chikudutsa chosagayika. Atatsegula chitseko cha makina anapeza sefa itang'ambika malo oti n'kulowa chibakera, zitsulo ziwiri zomenyera zitabenthuka, ndi kachidutswa ka loko kali phee pakona, kakutentha. Zitsulozo sasintha chimodzichimodzi mwachisawawa, chifukwa mbali ina ikalemera kuposa inzake makina amanjenjemera n'kudya mabeyaring'i. Zimenezi anandiphunzitsa ndi mnyamata uja, mokweza, anthu onse akumva. Za ndalama zija tinangoona timadontho tamitundu mu ufa, ndipo alamu anati sanaonepo mgaiwa wodula chotero.

Pano ndiyenera kunena mfundo imodzi imene anzanga mukuidumpha dala. Pa chigayo chilichonse chosamala, chimanga chimadutsa kaye pa waya wosefera, ndipo pakhosi pothirira amaikapo maginito ogwira misomali, mabawuti ndi ndalama zachitsulo, chifukwa zinthu zotere zimabwera m'chimanga kawirikawiri, makamaka chimene chayanikidwa pabwalo. Maginito a mnzathuyo anali akadali m'katoni, pansi pa tebulo la zakumwa. Loko wanga akanapanda kubwera, bwenzi msomali wa munthu wina utachita zomwezo tsiku lotsatira, popanda woyankhula aliyense woti n'kumuloza chala. Nditamufotokozera zimenezi, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti: "Achimwene, zikomo kwambiri chifukwa cha mphatso. Ulendo wina mudzangotumiza uthenga pafoni."

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku Malangalanga ku Lilongwe kukafuna sefa ndi zitsulo, ndipo mtengo wake unaposa kutali zimene zinali mu envelopu. Sefa imene ndinagula inali ya timabowo tikuluikulu, yogayira chakudya cha nkhuku, choncho ndinabwereranso kukasintha. Chigayo chikuyenda bwino tsopano, ndipo amene muli ndi mphale kapena chimanga pitani mukagayitse, ufa wake ndi wosalala. Ine ndikapita, mnyamata uja amakhuthulira ndowa yanga pa mkeka n'kuyamba kusanthula ndi manja, ngakhale pamzere pali anthu. Suti ija yachapidwa, koma ndikakhala pansi mwamphamvu kutchalitchi imafukabe pang'ono.