Diresi limodzi, mitundu itatu

Loweruka tinajambula ukwati ku Chilenje ndi makamera awiri, Sony ndi Canon, ndipo amalume ake a mkwatibwi anatipatsanso zomwe anajambula pa foni. Lolemba nditaika zonse mu DaVinci Resolve, pulogalamu yokonzera makanema, diresi loyera la mkwatibwi linali lotuwa ngati phulusa pa Sony, lobiriwira ngati thambo pa Canon, pomwe pa foni linkangosinthasintha.

Kutuwa kwa Sony sikunandidetse nkhawa. Tinajambula mu S-Log3, yomwe imafwifwitsa chithunzi dala kuti isunge zowala ndi zamumthunzi zomwe. Ndinaika Color Space Transform, kuchokera ku S-Gamut3.Cine ndi S-Log3 kupita ku Rec.709, muyeso wa mitundu wa TV wamba, mitundu n'kubwerera. Canon inali kale mu Rec.709, choncho sindinaisinthe. Mukaisinthanso, suti yakuda imasanduka khala.

Tsiku lonse Lachiwiri linathera pa Canon. Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito anaiika pa 3200K, nambala youza kamera mtundu wa kuwala, chifukwa cha mababu am'tchalitchi, ndiye potuluka panja, pomwe dzuwa limafuna cha m'ma 5600K, anaiwala kusintha. "Pepani akulu, ndinathamangira mphete," anatero. Ndinamukhazika pambali panga kuti tikonzere limodzi.

Maso sindiwadalira pa ntchito imeneyi, chifukwa ukayang'anitsitsa chithunzi kwa kamphindi amazolowera, cholakwika n'kumaoneka bwinobwino. Ndimatsegula Parade, yomwe imaonetsa milu itatu pa muyeso wa 0 mpaka 100: R wa kufiira, G wa girini ndi B wa buluu. Pa chinthu choyera nsonga zake ziyenera kulingana. Pa diresi lija B anali pamwamba, R pansi. Ndinakweza Temp, yomwe imawonjezera R n'kuchepetsa B, pang'onopang'ono mpaka awiriwo anakumana, kenako ndinagwira Tint kuti G, amene anatsala chapamwamba, atsike. Ndiye ndinaika chithunzi cha Sony pambali, n'kusintha Gain, yomwe imagwira zowala, kuti diresi lifike cha pa 85 m'makamera onse, ndi Lift, yomwe imagwira zakuda, kuti suti ya mkwati ikhale cha pa 5.

Diresi likagwirizana sindiye kuti nkhope zagwirizananso. Ndimazunguliza tsaya lokha n'kuyang'ana pa Vectorscope, bwalo loonetsa mitundu, pomwe pali mzere wa khungu pakati pa kufiira ndi chikasu. Khungu lathu lakuda limagwera pafupi ndi mzere womwewo. Chosiyana kwambiri ndi kuwala. N'chifukwa chake sindilola kuyeretsa nkhope kuti makamera afanane. Mayi ake a mkwatibwi ayenera kumuzindikira mwana wawo.

Foni inandisautsa Lachinayi. Imadzisinthira yokha mtundu munthu akatembenuka, moti ndinaduladula kanemayo n'kukonza chidutswa chilichonse pachokha. Pomwe dzuwa linawomba diresi, Parade inangoonetsa mzere wathyathyathya pa 100. Maluwa osokedwa pachifuwa anapseratu, ndipo kutsitsa Gain kunangodetsa kuyerako. Ndinasungako masekondi 6 okha, pomwe agogo akululutira.

Kukometsera kunabwera Lachisanu, zonse zitafanana: kufunda pang'ono kwa dzuwa lamadzulo, komwe ndinaika kamodzi pa Timeline, kanema yense. Loweruka likubwerali tili ndi chilanga mulilo ku Matero, ndipo tisanayambe tidzaonetsa makamera onse khadi limodzi lotuwa loti tifananizirepo mitundu, m'nyumba ndi panja pomwe.