Kope langa la ziganizo, mwezi wachinayi: mbuzi, chimanga ndi ka "chi"

Kope lija lafika pa tsamba 61. Kwa amene simukulidziwa, chipumireni pa uphunzitsi ndimayenda ndi kope m'thumba la jekete, ndipo ndikamva chiganizo chimene mawu ake asanjidwa mwanjira yondikoka khutu ndimachilemba momwe chatulukira m'kamwa, pamodzi ndi funso kapena mawu amene achiyambitsa. Poyamba ndinkalemba chiganizo chokha, osalemba zimene zanenedwa chisanabwere. Masamba 20 oyambirira ndi otayika chifukwa cha zimenezo, poti chiganizo chopanda mnzake wam'mbuyo sichikuuza kuti wolankhula amayankha chiyani.

Mwezi uno ntchito yonse yandichitira ndi mbuzi za aneba.

Loweruka lapitalo zinalowa m'dimba. Mdzukulu wanga anabwera akuthamanga: "Agogo, mbuzi zadya chimanga!" Patapita mphindi zochepa, mayi a kunyumba ataona okha mapesi ali mbwee, anaima pampanda nkuuza aneba kuti: "Chimanga chija zachidya mbuzi zanu." Aneba osachedwa: "Si zanga zimene zachidya, mayi. Zanga ndinazimangirira m'mawa." Ine m'malo mothandiza mlandu ndinali kalikiliki kulemba, ndipo za zimenezo ndinamva mawu madzulo ake.

Koma taonani ziganizo zitatuzo. Nkhani ndi imodzi, mbuzi ndi chimanga, koma aliyense waisanja mwake. Mwana uja ankabweretsa uthenga kwa munthu amene sakudziwa kanthu, zonse zinali zatsopano, ndiye anangotsata msewu waukulu: mwininkhani, mneni, pamtherankhani. Mayi aja ankalankhula chimanga chitadziwika kale, aliyense akuchiona, ndiye anachiika patsogolo ngati mutu wa nkhani, nkuchiphatikira "chija", ndipo chatsopano chimene ankafuna kuti chibaye, "mbuzi zanu", anachisungira kumapeto. Aneba sanatsutse kuti chimanga chadyedwa. Anatsutsa mawu amodzi okha, ndipo anawatulutsa m'chiganizo nkuwaika pambuyo pa "si" kuti aonekere paokha.

Chimene chandigwira kwambiri ndi ka "chi" kamene kali mu "zachidya" koma mulibe mu "zadya" ya mwana uja. Kusukulu tinkangophunzitsa kuti ndi kogwirizanitsa mneni ndi pamtherankhani, basi, ana nkulemba mayeso nkukhoza. Sindinadzifunsepo chifukwa chake nthawi zina kamabwera, nthawi zina ayi.

Funso limeneli analifufuza kale a Joan Bresnan ndi a Sam Mchombo, Mmalawi amene waphunzitsa zaka zambiri ku yunivesite ya California ku Berkeley, m'nkhani imene anasindikiza mu 1987. Ganizo lawo, m'mawu anga, ndi lakuti ka "chi" kameneka ndi mlowam'malo weniweni amene walowa m'kati mwa mneni. Ukanena kuti "zachidya", chiganizo chakwana kale, pamtherankhani ali momwemo. Dzina lakuti "chimanga" likabweranso, silikugwiranso ntchito ya pamtherankhani, langokhala mutu wa nkhani woima pambali, ngati munthu amene watuma mnzake kumsonkhano iye nkukhala panja. Ndiye poti laima pambali, likhoza kuima paliponse. Iwo anati mneni akakhala ndi mlowam'malo ameneyu, mawu atatu aja amasanjika m'njira zonse zisanu ndi imodzi, koma akapanda, pamtherankhani ayenera kutsatana ndi mneni, ndipo njira zimatsala ziwiri.

Ndinafuna kuyesa ndekha. Ndinadula katoni ya sopo nkupanga timakadi tinayi: "mbuzi", "chimanga", "zadya", "zachidya". Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinakhazika pakhonde mayi a kunyumba, apongozi anga amene anabadwira ku Dedza, ndi mdzukulu uja, nkumasuntha timakadi pa mphasa, iwo nkumanena ngati chiganizo chikumveka.

Ndi "zachidya" zonse zinadutsa. "Mbuzi zachidya chimanga", "Chimanga mbuzi zachidya", "Mbuzi chimanga zachidya", "Chimanga zachidya mbuzi", "Zachidya chimanga mbuzi", ngakhale "Zachidya mbuzi chimanga", chimene ndinkayembekeza kuti akana. Apongozi anachibwereza kawiri, nkupumira pang'ono pambuyo pa "mbuzi", kenako anati, "Eya, ngati munthu wafunsa kuti chimanga chathera kuti." Mawu amenewo ndinawalemba ndi inki yofiira. Palibe chiganizo chimene anachivomera popanda kuchipezera kaye funso lake.

Nditasintha kadi nkuika "zadya", zinthu zinathina. "Mbuzi zadya chimanga" ndi "Zadya chimanga mbuzi" zinadutsa bwinobwino. "Mbuzi chimanga zadya" anakwinya nkhope. Pa "Zadya mbuzi chimanga" mdzukulu anaseka nkufunsa kuti, "Agogo, zadya mbuzizo ndi afisi kapena?" Mwanayo anagwira mfundo yonse osadziwa: popanda ka "chi", dzina limene latsatana ndi mneni khutu limalitenga ngati chodyedwacho.

Mpaka apa ndinali wokondwa, buku ndi khonde zikugwirizana. Kenako ndinayala "Chimanga zadya mbuzi", chimene mwa lamulo lija chimayenera kugwa. Mayi a kunyumba anati, "Chili bwino chimenecho." Ndinati ayi, taganizaninso. Iwo anati, "Abambo, inuyo simunena kuti 'Nsima ndadya kale'? Mumati 'ndaidya'?" Ndinakhala chete, chifukwa ndimanenadi choncho, pafupifupi tsiku lililonse. Nditabwerera m'kope ndinapeza zina zotero zimene ndinalemba ndekha osaziona: kondakitala wa minibasi akuti "Chenji ndikupatsani, dikirani", mayi wa pamsika akuti "Tomato tagulitsa yense". Dzina lapita patsogolo, mlowam'malo wake mulibe, ndipo palibe amene anadabwa.

Mmene ndikuonera panopa, ndipo awa ndi maganizo anga a pakhonde, ka "chi" kamasiyidwa mosavuta pamene chinthucho si munthu ndipo palibe njira yosokonezera wodya ndi wodyedwa. Chimanga sichingadye mbuzi, nsima singadye ine. Koma ikani anthu awiri, muone. "Mphunzitsi wamenya mwana" simungachitembenuze kukhala "Mwana wamenya mphunzitsi" nkumayembekeza kuti anthu amva chimodzimodzi. Mwasintha mlandu.

Pali kuyesa kwina kumene ndakukonda kuposa timakadi, chifukwa nkwachidule. Ngati ka "chi" kamaloza chinthu chodziwika kale, ndiye kuti sikangakhale pamodzi ndi funso lofunsa chinthu chomwecho, poti sungafunse chimene ukuti ukuchidziwa. Ndipo zoonadi, timati "Mbuzi zadya chiyani?" Nditayesa "Mbuzi zachidya chiyani?" onse atatu anakana nthawi imodzi, apongozi mpaka anati ndikulankhula ngati mzungu wa ku mishoni. Yankho lakenso limatsata funso. Wina akafunsa "Zadya chiyani?" umati "Zadya chimanga". Ukayankha kuti "Zachidya chimanga" zimamveka ngati wayankha funso lina, lakuti kodi chimanga chija chili bwanji.

Koma apanso anthu asokoneza. Ndinafunsa mdzukulu kuti anene momwe angafunsire mnzake za munthu amene wakumana naye kumsika. Anati, "Wamuona ndani?" Ka "mu" kali momwemo, pamodzi ndi "ndani". Apongozi anati iwo akhoza kunena zonse ziwiri, "Waona ndani?" ndi "Wamuona ndani?", osamva kusiyana kwenikweni. Ndipo m'kope muli chiganizo cha mayi wina pachigayo, akuyamba nkhani yatsopano: "Dzulo ndinawapeza anyamata ena akuba nzimbe." Anyamata "ena", osadziwika, oyamba kutchulidwa, koma "wa" alipo. Ndiye zikuoneka kuti pa anthu, kamlowam'malo aka kayamba kungobwera chifukwa ndi anthu, kaya ndi odziwika kale kaya ayi, pamene pa zinthu kakusungabe ntchito yake yosonyeza chodziwika. A Laura Downing, amene alemba zambiri za kamvekedwe ka Chichewa pamodzi ndi a Al Mtenje, anaonanso kuti m'Chichewa cha masiku ano pamtherankhani akakhala munthu kamlowam'malo kamabwera kawirikawiri. Zinandikhazika mtima pansi kuti si khutu langa lokha.

Za "ndi" ndi "si" ndingodutsa mwachangu, chifukwa zikufunika mwezi wake. Chimene ndaona nchakuti tikafuna kufunsa kapena kutsindika mwininkhani, sitikonda kumusiya pamalo pake pa kutsogolo. Timati "Wathyola mpanda ndani?" kapena "Ndani amene wathyola mpanda?", ndipo yankho limabwera ndi "ndi": "Ndi mbuzi", kapena "Mbuzi ndi zimene zathyola", kapenanso mwachidule "Mbuzi ndizo zathyola". Malo a kutsogolo kwa mneni ali ngati mpando wa zodziwika kale. Chatsopano chikafuna kukhala pamenepo chimafunika chovala cha "ndi". Nchifukwa chakenso pouza anthu za alendo amene sakuwayembekezera timati "Kunyumba kwabwera alendo", mneni nkugwirizana ndi malo, alendo nkubwera pambuyo. "Alendo abwera" amanena munthu amene tonse timadziwa kuti tikudikira alendo.

Chimene chandikanika mwezi uno ndi kamvekedwe. Mu Chichewa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika pamene wolankhula wafika pothera pa kagulu ka mawu, ndipo a Jonni Kanerva mu 1990 analemba kuti mawu otsindikidwa amatsekera kagulu kawo pomwepo. Ndinafuna kumva ngati "zachimaliza chimanga" imatalikitsa "li" kuposa "zamaliza chimanga". Ndinajambula apongozi pa foni kasanu. Kawiri ndinamva bwino "zachimaliiza", kupuma pang'ono, kenako "chimaanga". Katatu kenako tambala analowerera, ndipo apongozi atadziwa kuti akujambulidwa anayamba kulankhula ngati owerenga nkhani pa wailesi, mawu aliwonse paokhapaokha, moti phatikizo lililonse linatalika. Zojambulazo sindingadalire.

Mwezi wamawa ndisintha njira. Timakadi ndisiya, chifukwa munthu ukamuyalira chiganizo amayesetsa kuchipezera pokhala ngakhale chili chopunduka. Ndikhala ndi foni m'thumba pa bawo, anzanga atavomera kale, nkungowerenga kuti "ndani" wabwera kangati ndi "mu" ndipo kangati wopanda. Tsamba 62 ndalijambula kale mizere iwiri. Za chimanga chija, aneba abweretsa ndowa imodzi Lachitatu, akunenabe kuti si zawo zimene zinachidya.