Mafoni atatu ndi chithunzi changa ndili mtulo

Aphunzitsi anga akale anabwera pabenchi yomwe ndimakonzera mafoni kudzasinthitsa batire. Ndili mkati momasula foniyo, anandiuza zomwe zinachitika kusukulu kwawo. Mnyamata wina wa Fomu 3 analemba mawu onyoza mnzake pa sitetasi ya WhatsApp, nkuwafufuta pasanathe ola, koma pofika Lolemba mawu omwewo anali kale patebulo la ahedi. Mnyamatayo ankalumbira kuti wina wamulowera mufoni. "Iwe ndi amene umadziwa za mafoni," anatero madamuwo, "ubwere udzawalankhule anawa." Munthu sungakanire amene anakuphunzitsa samu.

Anandipatsa piriyodi imodzi, mphindi 40. Ndinadziwiratu kuti ndikangoima kutsogolo nkumalalikira kuti samalani, anawo agona. Choncho ndinakonza mafoni atatu: yanga, ya madamu, ndi kafoni kakale kopanda simu koma kamera yake ikugwira. Ana saloledwa kubwera ndi mafoni kusukuluko, ndiye zonse zinayenera kuchitikira pa mafoni amenewa, nkumawayendetsa mzere ndi mzere. Ndinasankhanso chithunzi chochititsa manyazi chomwe sichikanapweteka wina aliyense: ineyo ndili mtulo m'minibasi, kukamwa yasa, chomwe anandijambula mlongo wanga.

Ndisanakhudze foni ndinalemba pabolodi kuti "Ahedi amavala sokosi zosiyana", nkuuza mtsikana wakutsogolo kuti akopere m'kope lake. Kenako ndinafufuta bolodi lonse mpaka mbee. Nditafunsa ngati mawu aja atha, kalasi yonse inaloza kope. Dasitala wanga amafika pabolodi basi, m'kope la munthu safikamo. Sikirinishoti ndi kope limenelo. Munthu akadina batani loyatsira foni limodzi ndi lochepetsera voliyumu, foni yake imajambula zomwe zili pagalasi nkuzisunga ngati chithunzi chatsopano mu foda ya Screenshots. Chithunzicho sichilumikizananso ndi uthenga uja, ndipo WhatsApp sikuuzani kuti wina wajambula.

Ndiye tinayesa. Ndinatumiza chithunzi changa ku foni ya madamu, iwo nkujambula sikirinishoti ana akuwerenga masekondi mokweza. Sanafike pa 5. Apa mpamene ndinapalamula ndekha. Pofulumira ndinadina Delete for me m'malo mwa Delete for everyone. Chithunzicho chinasowa kwa ine, kwa madamu chili phee. Pansi pamatuluka mawu akuti Undo kwa masekondi 5 okha, ndipo ineyo ndinali kalikiliki kuyankhula, ndinawaphonya. Zikatero ndiye kuti zatha, chifukwa uthenga womwe ukanaudina kuti uufufute kwa onse sukuonekanso mufoni mwako. Ana anaseka kwambiri, koma ndikuona ngati phunziro limeneli linawalowa kuposa zomwe ndinakonzekera.

Ndinatumizanso, ulendo uno nkudina moyenera. Pa foni ya madamu panatsala mawu akuti This message was deleted. Ndinawauza malire ake. Mwayi wofufuta kwa onse umakhalapo pafupifupi masiku awiri kuchokera pomwe watumiza. Kufufutako kukalephereka kwa munthu wina, palibe chokudziwitsa. Ndipo ngati mnzako anafowada kale, uthengawo ndi wake tsopano, wamufufutira ndi iyeyo. M'gulu, adimini angathe kufufuta uthenga wa munthu wina, choncho ngati chithunzi chako chaponyedwa m'gulu la kalasi, woyamba kumupeza ndi adimini. Kenako madamu anatsegula galare, nkuyendetsa foni. Ine uyo, kukamwa yasa.

Mnyamata wina kumbuyo anakweza dzanja. "Achimwene, nanga View once? Ija sijambulika." Ankanena zoona, ndipo ndinamuyamikira. Tinayesa, foni ya madamu inakana kujambula. Pamenepo ndinatulutsa kafoni kakale kaja, ndinatumizanso chithunzi, madamu atachitsegula ine nkujambula galasi la foni yawo ndi kamera. Chinatuluka chosawala bwino, koma nkhope inkadziwika. M'kalasi munangoti zii.

Za Facebook ndinadutsapo msanga chifukwa nthawi inali itathamanga. Ukadina timadontho titatu pa positi yako nkusankha Move to trash, positiyo imachoka pamaso pa anthu, koma imakhala mu Trash masiku 30 isanafafanizike, pokhapokha ukaichotsenso komweko. Amene anachita Share amatsala ndi chikhungwa chabe, popeza Share imangoloza ku positi yako. Ambiri amaganiza kuti kusintha mawu nkokwanira, osadziwa kuti View edit history imaonetsa zomwe unalemba poyamba. Chithunzi chomwe waika munthu wina sungachifufute; ungangochotsa dzina lako ndi Remove tag, kudina Report, kapena kumupempha mwiniwake.

Mtsikana wokopera uja ndiye anafunsa funso lomwe ndinkaliyembekezera: "Ndiye kufufuta nkopanda ntchito?" Ayi ndithu. Sitetasi imakhala maola 24, ndipo ola lililonse limabweretsa anthu ena oiona. Ukaichotsa pa mphindi 10 itaonedwa ndi anthu 6, uli ndi anthu 6 oti ulankhule nawo. Ukaisiya mpaka m'mawa angakhale 100. Ndinawalangiza kuti asanaifufute ayambe adina kachizindikiro ka diso nkuona mayina, chifukwa ikafufutika mndandandawo umapita nayo limodzi. Mndandandawo si wathunthu, poti amene anazimitsa Read receipts, timizere tabuluu tosonyeza kuti uthenga wawerengedwa, saonekamo, komabe umakupatsa poyambira. Ukatero uwapeze mmodzimmodzi kumbali. Kulemba m'gulu kuti aliyense amene wajambula afufute kuli ngati kuimba belu la asembule. Ngakhale amene sanaone amayamba kufunsa. Ndipo ngati unanyoza munthu, pita ukapepese sikirinishoti isanamupeze. Mnyamata wa sitetasi uja chomwe chinamumiza kwambiri ndi kukana, mawu ali poyera ndi dzina lake pamwamba.

Mphindi zomaliza madamu anatenga choko, ndipo ndinaona kuti nkoyenera, poti nkhani ya zithunzi zosavala siyofunika wokonza mafoni. Anawauza kuti wina akamakuopseza kuti afalitsa chithunzi chako, usamupatse ndalama kapena chithunzi china, sunga mauthenga oopsezawo, uuze munthu wamkulu yemwe umamukhulupirira. Analemba pabolodi nambala yaulere ya ana, 116, natchulanso ofesi ya Victim Support Unit ya kupolisi. Ine ndinangoonjezera kuti lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kuzunza anthu kudzera pa intaneti komanso kufalitsa zithunzi zolaula za ana, ndiye wongofowada uja asamadzione ngati wosalakwa.

Belu litalira ndinapempha madamu pamaso pa ana kuti afufute sikirinishoti ija, ndipo anaifufuta onse akuona. Patatha milungu iwiri anabweranso pabenchi kudzagula chaja, akuseka asanandipatse nkomwe moni. Foni yawo imatumiza yokha zithunzi ku Google Photos, ndipo dzulo lake akufufuza zithunzi za ukwati anakumana nane m'menemo, ndidakali mtulo m'minibasi muja.