Mmene ndinatambasulira chithunzi choimirira kukhala bana ya chinkhoswe

Bana ya chinkhoswe cha achemwali anga yapachikidwa, koma yandidyera masiku awiri. Chithunzi chomwe iwo anachikonda chinali cha pafoni, choimirira, mapikiselo 3000 m'lifupi ndi 4000 m'litali. Osindikiza ankafuna cha mamita atatu m'lifupi, mita imodzi kutalika.

Ndinachitsegula mu Photoshop, n'kutenga Crop, n'kukokera m'mbali zonse ziwiri mpaka kufika 12000, kenako Generative Expand, chida chomwe chimapeka zodzaza malo opanda kanthu amene mwawonjezera. Apa ndiye ndinalakwitsa. Pa 12000 amenewo, 9000 anali opeka a kompyuta, enieni 3000 okha. Pasikirini chinkaoneka bwino zedi, ndiye ndinakwera minibasi kukachipereka.

Mnyamata wa kosindikizako anangolandira fulashi, ndalama n'kuika m'thumba, osatsegula n'komwe chithunzicho kuti achione. Mawa lake ndikukatenga, ndinapeza pakati pakuwala bwinobwino koma m'mbali muli mbuu ngati chifunga, njerwa za khoma zitapindika, ndipo kumanzere kwamera dzanja lopanda mwini. Nditadandaula anangoti, "Tasindikiza zomwe mwabweretsa, bwana." Zoona, koma akanangochikulitsa pakompyuta yake mphindi imodzi yokha akanandiuza. Ndinalipira kachiwiri, ndipo zimandiwawabe. Inu chikulitseni nokha pa 100% musanachoke pakhomo.

Ulendo wachiwiri ndinayamba ndi kudula. Ndinachotsa thambo lambiri pamwamba ndi dothi la pansi, kutalika kunatsala 2500. Tsono m'lifupi munangofunika 7500, zopeka n'kutsika kufika 4500. Kenako ndinkawonjezera pang'onopang'ono, mapikiselo osapitirira 1000 nthawi imodzi. Chifukwa chake n'chakuti kompyuta imapanga chigamba cha mapikiselo ochepa n'kuchitambasula kuti chidzaze malo amene mwasiya. Malowo akakula, chigambacho chimasanduka phala. Ukadina Generate zimabwera zigamba zitatu zoti usankhepo, ndipo ine ndinkasankha chomwe mizere ya njerwa yalumikizana ndi ya khoma lenileni. Bokosi lolembamo mawu ndinkalisiya lopanda kanthu, kuti ingopitiriza zomwe zili m'mphepete osawonjezera zake.

Za dzanja lija ndaiwala kufotokoza. M'mphepete mwa chithunzi munali chigongono cha munthu wina amene anaima pafupi, ndiye kompyuta inayesa kumumalizitsa. Chilichonse chodukira m'mphepete, kaya phewa kaya mwendo wa mpando, chifufuteni kaye musanayambe kutambasula.

Achemwali ndi alamu ndinawasiya chakumanzere, mbali yaikulu yopekayo n'kukhala kumanja komwe ndinalembako mayina ndi tsiku. Zilembo zimabisa zambiri. Mayinawo musawapeketse kompyuta, lembani nokha, ndipo musawafikitse kumapeto chifukwa kumeneko amapinda n'kuboola poti pamangidwe zingwe.

Nditamaliza ndinachikulitsanso pa 100%, n'kuyenda nacho kuchokera kumanzere mpaka kumanja, makamaka pomwe chenicheni chakumana ndi chopeka. Ndinapezabe nthambi ya mango yolendewera m'malere popanda mtengo, ndinaifufuta ndisanakwerenso minibasi.