Loweruka: mfuti imene aliyense anaisiya pansi

Kwacha ndi chifunga, phiri la Zomba silinaoneke mpaka cha m'ma 9 koloko. Ndinatsikira kumsika kukagula mbatata ndi tomato, n'kubwerera kuno ku Matawale pakabaza mwachangu, chifukwa lero linali tsiku loyesa gemu yathu. Mng'ono wanga anabwera ndi anzake awiri, ndipo msuweni wanga amene amaphunzira ku Chanko anafika ndi laputopu yake. Anayi akusewera pamafoni, awiriawiri, ine ndili pambali ndi kope.

Gemu imeneyi ndakhala ndikuipanga mu Godot, pulogalamu yopangira magemu, kwa miyezi ingapo tsopano. Ndi yowomberana, mapu ndi amodzi okha, msika wokhala ndi timisewu topanikiza pakati pa mabenchi ndi bwalo limodzi lotambalala kumbali. Wosewera aliyense amayamba ndi moyo wa mapointi 100. Mfuti zenizeni zilimo ziwiri. Yaitali, imene m'pulogalamu ndinailemba kuti `rifle`, ndi kakafupi kolavula zipolopolo mofulumira, `smg`.

Sabata yatha onse anadandaula kuti yaitali yanyanya mphamvu. Chipolopolo chake chinkachotsa mapointi 25, ikuwombera ka 600 pa mphindi. Ndiye Lachitatu usiku ndinangotsitsa 25 uja kukhala 24. Ndinawerengera kuti pa sekondi imodzi inkachotsa mapointi 250, tsopano izichotsa 240, kusiyana kwake n'kochepa, kungoifewetsa pang'ono basi.

Lero masewero awiri oyamba atatha, palibe amene ankaitolanso. Inangokhala pansi pamalo pake, anthu n'kumaidumpha kuthamangira kakafupi. Mng'ono wanga anaponya foni pampando n'kunena kuti, “Achimwene, mwaipha mfuti ija. Ndikumuwombera munthu bwinobwino, zonse zikumupeza, koma sakugwa. Akutembenuka n'kundimaliza.”

Ndinamupempha kuti aseweretsenso yaitaliyo kamodzi, ine nditaima kumbuyo kwake. Anakumana ndi msuweni pakati pa mabenchi awiri, anawombera zinayi, zonse zinalowa. Ndinasuzumira pafoni ya msuweni: kamzere ka moyo kanatsala kakang'ono ngati ulusi, pambali pake palembedwa 4. Apo m'pamene ndinaona chimene ndinachita. Zipolopolo zinayi za 25 zimakwana 100 ndendende. Zinayi za 24 zimathera pa 96. Munthu wotsala ndi mapointi 4 amathamanga, amawombera, amapha, mofanana ndi amene ali ndi 100. Pointi imodzi imene ndinachotsa inawonjezera chipolopolo chathunthu.

Tinaimitsa masewero, mayi atiikira nsima ndi usipa, ine ndikudya kope lili pabondo. Chimene wosewera amamva m'manja si mapointi ochotsedwa pa sekondi. Amamva nthawi imene imadutsa kuchokera pamene chipolopolo choyamba chalowa mpaka mdani atagwa. Opanga magemu amailemba mwachidule kuti TTK, ine ndimangoti nthawi yophera. Kawerengedwe kake ndi mizere iwiri yokha:

```
var shots = ceil(float(health) / damage)
var ttk = (shots - 1) * 60000.0 / rpm
```

Mzere woyamba ukugawa moyo ndi mphamvu ya chipolopolo, ndipo pakatsala kanthu, ngakhale kochepa bwanji, ukukweza nambala kufika pa chipolopolo chotsatira. Wachiwiri ukuchotsapo chimodzi chifukwa chipolopolo choyamba chimatuluka nthawi yomweyo ukakanikiza, chimene umadikira ndi mipata ya pakati. Zipolopolo zinayi zili ndi mipata itatu, monga mmene mizati inayi ya mpanda imakhalira ndi mipata itatu.

Yaitali, pa 600 pa mphindi, mpata uliwonse ndi mamilisekondi 100, poti sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000. Ili pa 25 inkapha pa 300. Pa 24 ikufuna zisanu, mipata inayi, 400. Ine ndinkaganiza kuti ndachotsa 4 pa 100 iliyonse, pamene nthawi yophera ndinaitalikitsa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Koma msuweni anafunsa funso limene linandikhazika pansi kwa ola lathunthu. Anati, “Asuweni, ngati yaitali yafooka, bwanji sikupambanabe patali? Si ntchito yake imeneyo?”

Kakafupi kamachotsa 20 pa chipolopolo, kamawombera ka 900 pa mphindi, mpata wake ndi mamilisekondi pafupifupi 67. Pafupi kamafuna zisanu, n'kupha pa 267. Ndinakapanga kuti mphamvu yake izichepa ndi mtunda: 20 yathunthu mpaka mamita 10, kenako izitsika pang'onopang'ono mpaka 14 pa mamita 25. Pojambula, mzerewo umatsetsereka bwinobwino. Koma nthawi yophera sitsetsereka, imakwera ngati masitepe. Ukangodutsa mamita 10, mphamvu yatsika pansi pa 20, zisanu sizikwananso, pafunika zisanu ndi chimodzi, 333. Imakhala pomwepo osasuntha mpaka cha pa mamita 18, pamene pamafunika zisanu ndi ziwiri, 400. Cha pa mamita 24 m'pamene imafika zisanu ndi zitatu, 467.

Ndinalemba masitepe amenewa m'kope n'kujambula mzere wa yaitali powadutsa. Ili pa 300, yaitali inkaposa kakafupi kuyambira pa mamita 10 kupita kutsogolo. Pansi pa mamita 10 inkatsalira ndi mamilisekondi 33 okha, ndipo pafoni imene ikuonetsa zithunzi 30 pa sekondi, chimenecho ndi chithunzi chimodzi. N'chifukwa chake sabata yatha ankati yanyanya: inalibe malo amene inkagonja mooneka. Ili pa 400, kakafupi kakuiposa mpaka mamita 18, zikufanana mpaka 24, ndipo yaitali ikuyamba kupambana patsogolo pa apo. Pointi imodzi ija inasuntha malire a kakafupi kuchoka pa mamita 10 kufika pa 18.

Nanga mamita 24 amapezeka kuti pa mapu athu? Ndinali nditaika kale kuti gemu izisunga mtunda wa pakati pa wowombera ndi wogwa nthawi iliyonse munthu akaphedwa, koma ndinali ndisanatsegulepo fayiloyo. Lero ndinaitsegula. Pa imfa 40 za mmawa uno, 31 zinachitika pansi pa mamita 18, ndipo zodutsa mamita 24 zinali zitatu zokha, zonse pabwalo lotambalala lija. Anyamatawa sanawerengere chilichonse, koma zala zawo zinadziwa msanga. Mfuti imene imapambana pa mtunda umene mapu alibe ndi katundu wongolemetsa. Ndikuona kuti aliyense wokonza mfuti m'gemu ayenera kuyamba ndi fayilo ngati imeneyi asanakhudze nambala iliyonse.

Mnzake wa mng'ono wanga, amene amakonda Counter-Strike, anatikumbutsa kuti m'gemu imeneyo AK-47 imapha ndi chipolopolo chimodzi cha m'mutu ngakhale mdani atavala chipewa chachitsulo, pamene M4A4 siitero. Anthu amasiya mfuti yawo n'kutola AK-47 ya mdani wakufa chifukwa cha sitepe imodzi imeneyo. Nkhani yake ndi yomweyi, mdani wagwa kapena watsala ndi kamoyo.

Funso linatsala loti ndikonze bwanji. Kubwezera 25 kokha kukanatibwezera ku dandaulo la sabata yatha. Mng'ono wanga ankafuna ndifooketse kakafupi, koma ndinakana. Kakafupi sikanalakwe, ndipo ukasintha mfuti ziwiri nthawi imodzi sudziwa kuti chasintha masewero n'chiti. Ndinakumbukira nkhani imene Jaime Griesemer, mmodzi mwa amene anapanga gemu ya Halo ku kampani ya Bungie, anakamba pa msonkhano wa opanga magemu wa GDC mu 2010. Mutu wa nkhani yonseyo unali kusintha mpata wa pakati pa zipolopolo za mfuti yowombera patali kuchoka pa masekondi 0.5 kufika pa 0.7 mu Halo 3. Mfutiyo sanailande mphamvu yake, anangoichedwetsa. Ubwino wa liwiro ndi wakuti lilibe masitepe. Ukalisintha pang'ono, nthawi yophera imasinthanso pang'ono.

Ndiye ndinabwezera 25, n'kutsitsa liwiro kuchoka pa 600 kufika pa 560. Mpata wakhala mamilisekondi 107, mipata itatu 321. Pansi pa mamita 10 kakafupi kakutsogola ndi 54 m'malo mwa 33. Pakati pa 10 ndi 18 zayandikana kwambiri, 321 ndi 333. Kupitirira 18 yaitali ilibe mnzake.

Chigawo chapakaticho ndachikonda, chifukwa kumeneko chimene chikuweruza ndi kuphonya. Mawerengero onsewa akutenga ngati chipolopolo chilichonse chikulowa, zimene pafoni, ndi chala chachikulu pagalasi, sizichitika kawirikawiri. Wa yaitali akaphonya kamodzi wataya mamilisekondi 107, wafika pa 428. Wa kakafupi akaphonya kamodzi wataya 67, wafika pa 400. Choncho amene dzanja lake ndi lokhazikika apindula ndi yaitali, amene amangopopera apindula ndi kakafupi, bola asatalikire chifukwa zipolopolo zake zimamwazika. Aliyense ali ndi chifukwa chosankhira yake.

Magetsi anazima cha m'ma 3 koloko ndisanamalize kutumiza gemu yatsopano m'mafoni, koma laputopu ya msuweni inali ndi moto wokwanira, tinamalizira pa iyo. Anasewera kasanu. Sindinawauze chimene ndasintha, chifukwa ukamuuza munthu kuti mfuti yachedwa, amamva kuchedwako ngakhale palibe. Ndinangoyang'ana malo otolera mfuti. Pa sewero lachiwiri msuweni anatola yaitali n'kukakhala kumapeto kwa kamsewu katali ka pakati pa mabenchi a nsomba, ndipo mng'ono wanga atagwa kawiri pamenepo anasiya kudutsamo, n'kuyamba kuzungulira kuseri kuti amupeze pafupi. Sabata yatha panalibe wozungulira, lero mmawanso panalibe. Pa imfa 52 za madzulo, yaitali inatenga 23.

Chimodzi chikundivutabe. Mnzawo wina foni yake ndi yakale, imatsika pansi pa zithunzi 30 pa sekondi, ndipo ananena kuti yaitali ikumveka yolemera kuposa ya anzake. Ndikukayikira mmene ndinalembera kawerengedwe ka mpata. Pakali pano gemu imadikira chithunzi chotsatira n'kuyambiranso kuwerenga pa ziro. Pa zithunzi 30, mamilisekondi 100 ankakwana zithunzi zitatu, koma 107 akudutsa pang'ono, ndiye mfuti ikudikira chachinayi, 133. Ngati zili choncho, pafoni yotero yaitali ikupha pa 400, pomwe paja tinachoka. Pa zithunzi 60 ikudikira zisanu ndi ziwiri, 117, kusiyana n'kochepa. Mankhwala ake ndi kusunga nthawi yotsalayo n'kuichotsa pa mpata wotsatira.

Ndamupempha kuti andisiyire foniyo mpaka mawa madzulo, wavomera bola ndimuikire moto. Ili patebulo apa pambali pa kandulo. Magetsi akangoyaka ndiijambula ikuwombera khoma kwa masekondi 10 n'kuwerenga mabowo. Pa 560 payenera kukhala 93 kapena 94. Ndikapeza cha m'ma 75, ndadziwa pamene pali vuto.