Mmene ndinalumikizira Apple Watch yanga ku netiweki ya foni

Wotchi ya Apple ilibe polowetsa simu khadi. M'kati mwa imene imalumikizika ku netiweki ya foni muli kachipangizo kotchedwa eSIM, kamene kali ndi nambala yakeyake ya manambala 32, yotchedwa EID. Mukapempha pulani yolumikizira wotchi ku netiweki, kampani ya mafoni imakonza simu yosaoneka, n'kuimangirira ku EID imeneyo, ndipo wotchi imaikoka pa intaneti. Mavuto ambiri amachokera pa kumangirira kumeneku.

Ine ndimakhala ku Joni. Ndisanayambe ndinaonetsetsa kuti wotchi ndi ya mtundu wa GPS + Cellular, chifukwa ya GPS yokha ilibe eSIM. Layini yanga ndi ya kontirakiti, ndipo zimenezi zinathandiza, poti makampani ambiri salola malayini othira mayunitsi. Pulani ya wotchi iyeneranso kuchokera ku kampani yomweyo imene ili mu iPhone, popeza ziwirizi zimagwiritsa ntchito nambala imodzi.

Pa iPhone ndinatsegula pulogalamu ya Watch, kenako My Watch, n'kudina Cellular (m'mafoni ena pamalembedwa Mobile Service kapena Mobile Data), kenako Set Up Cellular. Panatseguka tsamba la kampani, ndinalowa mu akaunti yanga n'kuvomera ndalama ya pamwezi. Kenako panalembedwa Activating, basi n'kuima pomwepo.

Kudikira mphindi zingapo si vuto, koma pamene tsiku linapendeka zisanasinthe, ndinazimitsa foni ndi wotchi n'kuyatsanso. Sizinathandize. Nditaimbira kampani, wondithandiza anati, "Bambo, tandiwerengerani EID ya wotchiyo." Imapezeka mu Watch, pa General, kenako About. Titafananitsa, zinapezeka kuti layini yanga inali idakamangiriridwa ku EID ya wotchi yanga yakale, imene ndinagulitsa. Kufufuta pulani pa wotchi sikuthetsa pangano ndi kampani, moti ena amangolipirabe wotchi imene alibenso. Anachotsa yakaleyo, ine ndinayambiranso Set Up Cellular, ndipo dzina la kampani linaoneka.

Musakhutire ndi dzinalo, yesani. Wotchi ikakhala pafupi ndi foni imadutsira pa Bluetooth, ndiye mungaganize kuti zatheka pomwe ayi. Ndinazimitsiratu iPhone, n'kuzimitsanso Wi-Fi pa wotchi, kenako ndinatsegula Control Center ya wotchiyo, pamene pamakhala mabatani oyatsira ndi kuzimitsira zinthu. Batani la Cellular likakhala loyera, pulani ilipo koma wotchi ikudutsirabe pa foni kapena pa Wi-Fi. Likasanduka lobiriwira, yagwira netiweki payokha. Langa linabiriwira, ndipo nditaimbira mchemwali wanga, kwa iye kunaoneka nambala yanga yomwe ija.

Mukaona X wofiira pamwamba pa sikirini ya wotchi pomwe pulani inalowa bwino, yesani pamalo ena. Ngati sizikusintha, fufuzani kumene wotchi inagulidwa, chifukwa Apple imapanga mitundu yosiyana malinga ndi zigawo, ndipo yogulidwa ku America mwina singagwirizane ndi netiweki ya kuno.